Masabata awiri okonzekera mayeso a themodayinamiki ngati kalikulasi imakuvutani

Wophunzira amene watsala ndi masabata awiri kuti alembe mayeso a themodayinamiki, pomwe kalikulasi imamuvuta, kawirikawiri amatenga imodzi mwa njira ziwiri, ndipo zonse ziwirizo zimamugwetsa. Wina amatenga buku lalikulu la kalikulasi n'kuyambira pa mutu woyamba, kotero kuti sabata yathunthu imatha asanatsegule n'komwe matebulo a nthunzi. Wina amawathawa masamu onse n'kuyamba kuloweza mafomyula ambirimbiri, koma pa tsiku la mayeso amalephera kudziwa kuti funso lili patsogolo pake likufuna fomyula iti. Ndakhala ndikuthandiza achinyamata a kwathu amene amaphunzira uinjiniya kuno ku Johannesburg, ena ku Wits ku Braamfontein, ena ku UJ ku Doornfontein, ndipo chimene ndimawauza ndi chakuti kalikulasi imene imafunika m'kosi yoyamba ya themodayinamiki ndi yochepa kwambiri. Ndi maintigilo atatu okha, amene kwenikweni ndi a banja limodzi, ndipo munthu akhoza kuwagwira bwino m'masiku atatu ngati awaphunzira ali mkati mwa mafunso a themodayinamiki, osati paokha.

Dongosolo ndikufotokozali ndi la munthu amene angapeze maola atatu kapena anayi pa tsiku, chifukwa ambiri mwa ophunzira a kwathu kuno amagwiranso ntchito, ndipo nthawi ina imathera m'mathekisi pakati pa tauni ndi kumene amakhala. Musanayambe, pezani ndondomeko ya kosi yanu ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo, ndipo muyang'ane zinthu ziwiri: ngati mumapatsidwa pepala la mafomyula m'chipinda cha mayeso, komanso ngati matebulo amene mudzapatsidwe ndi omwewo amene ali kumapeto kwa buku lanu. Pepala limodzi, la chaka chaposachedwa, musaliwerenge mafunso ake. Lisungeni mpaka tsiku la 12.

Masiku atatu oyamba ndi a masamu, ndipo ndi amene ndikhalitsapo, popeza zina zonse zimatsamira pa iwo. Mtsikana wina amene timapemphera naye anandiuza kuti, "Amalume, ine ndikangoona chizindikiro cha ∫ mutu umaima." Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, jambula kaye chithunzi, chizindikirocho uchione pambuyo." Ndimanena zomwezi kwa aliyense. Tengani silinda yokhala ndi pisitoni, mkati muli mpweya. Mpweyawo ukukankha pisitoni ndi mphamvu yofanana ndi pulesha P kuchulukitsa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoniyo. Pisitoni ikasuntha pang'ono, ntchito imene yagwirika ndi mphamvuyo kuchulukitsa ndi mtunda umene yasuntha, ndipo kukula kwa nkhope kuchulukitsa ndi mtundawo ndi kavoliyumu kakang'ono kamene kawonjezeka, kamene timakalemba dV. Choncho kantchito kakang'ono ndi P dV. Mukaphatikiza tintchito tonseto kuyambira pomwe pisitoni inayambira mpaka pomwe yaima, mwapeza W = ∫P dV. Chizindikiro chija chikungotanthauza kuphatikiza, ndipo pa galafu imene ili ndi P chokwera ndi V chopingasa, yankho lake ndi kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere.

Funso lokhalo limene kalikulasi ikuyankha pano ndi lakuti, kodi P ikusintha bwanji pamene V ikusintha? Ngati P sikusintha, malo a pansi pa mzere ndi bokosi la ngodya zinayi, ndipo W = P(V2 − V1). Ngati tempulecha T ya mpweya sikusintha, lamulo la PV = mRT, pomwe m ndi makilogalamu a mpweya ndipo R ndi nambala yosasintha ya mpweyawo, likutiuza kuti P = mRT/V, ndipo popeza mRT ndi nambala yosasintha imatuluka kunja, n'kutsala ∫dV/V, yomwe yankho lake ndi ln(V2/V1). Ngati mpweya ukutsata PV^n = C, pomwe C ndi nambala yosasintha, ndiye kuti tikuphatikiza V^(−n), ndipo lamulo lake ndi lija la kuwonjezera 1 pa kanambala ka pamwamba n'kugawa ndi kanambala katsopanoko. Zikakonzedwa bwino zimapereka W = (P2V2 − P1V1)/(1 − n).

Yang'anitsitsani fomyula yomalizayi, chifukwa mkati mwake muli zonse. Mukaika n = 0, P imakhala yosasintha ndipo mumabwerera ku bokosi lija. Mukaika n = 1, pansi pamakhala ziro, ndipo kugawa ndi ziro sikutheka; n'chifukwa chake njira ya tempulecha yosasintha ili ndi fomyula yakeyake ya ln. Mukaika n = 1.4, mwapeza mpweya wamba ukupanikizidwa kapena kufutukuka mwa njira yobwezeka popanda kutentha kulowa kapena kutuluka, njira imene imatchedwa adiyabatiki. Wophunzira amene waona kuti izi ndi banja limodzi saloweza mafomyula anayi. Amangodzifunsa kuti n ndi chiyani m'funso ili.

Pa tsiku loyamba, lembani maintigilo atatuwa kuchokera m'mutu mobwerezabwereza, uku mukujambula galafu ya iliyonse, mpaka dzanja lizolowere. Tsiku lachiwiri lipatseni kwa ln ndi tinambala ta pamwamba, chifukwa mwa ophunzira amene amadandaula za kalikulasi, ambiri ndimapeza kuti chimene chimawapunthwitsa ndi alijebula ya ku sekondale. Muyenera kudziwa mosakayika kuti ln(a/b) = ln a − ln b, kuti ln 1 = 0, ndiponso kuti ln ya nambala yochepera 1 imakhala ndi mayinasi. Zitatuzi zili ndi tanthauzo m'silinda: voliyumu ikapanda kusintha, V2/V1 ndi 1 ndipo palibe ntchito ya kusuntha kwa pisitoni; mpweya ukapanikizidwa, V2/V1 ndi yochepera 1 ndipo ntchito imatuluka ndi mayinasi, kusonyeza kuti ntchitoyo yagwiridwa pa mpweya. Phunziraninso kulemba pa kakyuleta yanu yeniyeni, imene mudzalowe nayo m'mayeso, nambala ngati 6^(0.4/1.4), mabulaketi ali m'malo mwake.

Tsiku lachitatu ndi lochitira funso limodzi m'njira zitatu, ndipo funso limeneli tidzabwererakonso m'masiku a kutsogolo. Tili ndi kilogalamu imodzi ya mpweya wamba m'silinda, pa 300 K ndi 100 kPa. Manambala a mpweya wamba ndi R = 0.287 kJ/kg·K, cv = 0.718 kJ/kg·K ndi cp = 1.005 kJ/kg·K, pomwe cv ndi cp ndi kutentha kofunika kuti kilogalamu imodzi ikwere ndi 1 K, cv pa voliyumu yosasintha ndi cp pa pulesha yosasintha. Voliyumu yoyambira ndi V1 = mRT/P = 0.287 × 300/100 = 0.861 m³. Kumbukirani kuti kPa kuchulukitsa ndi m³ kumapereka kJ, motero mukasunga pulesha mu kPa ndi voliyumu mu m³ simudzafunika kusintha mayuniti pakati pa funso.

Poyamba tiutenthetse mpweyawu mpaka 600 K pisitoni ikusuntha momasuka, pulesha ili pa 100 kPa pomwepo. Tempulecha yawirikiza kawiri, choncho voliyumu nayo yawirikiza kawiri, kufika 1.722 m³, ndipo W = 100 × 0.861 = 86.1 kJ. Mphamvu ya mkati mwa mpweya yakwera ndi ΔU = m cv (T2 − T1) = 0.718 × 300 = 215.4 kJ. Lamulo loyamba la themodayinamiki likuti Q = ΔU + W, kutanthauza kuti kutentha kumene kwalowa ndi 301.5 kJ. Tsopano yesani m cp (T2 − T1) = 1.005 × 300, ndipo mupeza 301.5 yomweyo. Apa mwaona ndi maso chifukwa chake cp imaposa cv: pa pulesha yosasintha, gawo lina la kutentha limapita kokankha pisitoni.

Kachiwiri tibwerere pa 300 K ndi 100 kPa, n'kuupanikiza mpweya pang'onopang'ono mpaka 600 kPa, tempulecha ili pa 300 K. Pulesha yakwera kasanu ndi kamodzi, choncho V2/V1 = 1/6, ndipo W = mRT ln(1/6) = 86.1 × (−1.792) = −154.3 kJ. Popeza mphamvu ya mkati mwa mpweya wotsata PV = mRT imadalira tempulecha yokha, ΔU = 0, ndipo Q = W = −154.3 kJ. Ntchito yonse imene tagwira pa mpweya yatuluka ngati kutentha. Ngati yankho lanu latuluka pafupi ndi −67 kJ, mwadina `log` m'malo mwa `ln`. Cholakwikachi n'chofala, ndipo sichioneka msanga chifukwa nambala yake imaoneka yabwinobwino.

Kachitatu tiupanikize mpaka 600 kPa yomweyo, koma silinda itakutidwa bwino kotero kuti Q = 0. Tempulecha yomaliza ndi T2 = T1 (P2/P1)^(0.4/1.4) = 300 × 1.6685, pafupifupi 500.5 K, yomwe ndi madigiri oposa 227 a Selisiyasi. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga mofulumira n'kugwira pampu amadziwa kuti kutenthaku n'kwenikweni. Popeza P1V1 = mRT1 ndi P2V2 = mRT2, fomyula ya banja lija ikupereka W = 0.287 × 200.5/(−0.4) = −143.9 kJ. Njira ina yopezera yankho lomwelo ilibe intigilo ayi: Q ndi ziro, choncho W = −ΔU = −0.718 × 200.5, pafupifupi −144 kJ. Kwa wophunzira amene kalikulasi imamuvuta, imeneyi ndi nkhani yaikulu, chifukwa mafunso ambiri ali ndi makomo awiri, la intigilo ndi la lamulo loyamba, ndipo khomo limodzi limatsimikizira linzake.

Mwina mwadabwa kuti ntchito ya njira ya adiyabatiki, 144 kJ, yachepa poyerekeza ndi 154.3 kJ, pomwe mpweya wotentha umalimbana kwambiri ndi pisitoni. Jambulani mizere iwiriyi pa galafu imodzi ndipo muona chifukwa chake. Mpweya wotentha wafika pa 600 kPa msanga, voliyumu ili pa 0.239 m³, pomwe wa tempulecha yosasintha unayenera kupanikizidwa mpaka 0.144 m³. Pisitoni yayenda mtunda waufupi. Mfundo ili pansi pa zimenezi ndi imene mafunso a mawu amakonda kufunsa: P, V, T ndi U zimadalira pomwe chinthu chili, pomwe W ndi Q zimadalira njira imene chadzera. Munthu wochoka ku Joni kupita ku Blantyre amatsika mamita pafupifupi 700, kaya adzera ku Beitbridge, Harare, Tete ndi Mwanza, kaya azungulira ku Botswana ndi ku Zambia n'kulowera pa Mchinji, koma mafuta amene basi yawotcha amasiyana malinga ndi njira. N'chifukwa chake timalemba ΔU koma sitilemba ΔW kapena ΔQ.

Tsiku la 4 ndi la 5 ndi a matebulo a madzi ndi nthunzi. Muno mulibe kalikulasi konse, koma malikisi ake ndi ambiri, ndipo ndimaona kuti wophunzira wofooka pa masamu ayenera kulimbikira pano kuposa anzake, chifukwa ndi pano pamene angakolole popanda chomutchinga. Luso lalikulu ndi kudziwa kuti madziwo ali mu mkhalidwe uti musanatsegule tebulo lililonse. Pa 100 kPa madzi amawira pa 99.6 °C. Kilogalamu imodzi ya madzi amene angofika powira imatenga vf = 0.001043 m³, ndipo ikasanduka nthunzi yonse imatenga vg = 1.694 m³. Funso likakupatsani 100 kPa ndi v = 0.8475 m³/kg, nambalayi ili pakati pa ziwirizo, choncho muli madzi ndi nthunzi zosakanikirana, ndipo gawo la nthunzi ndi x = (v − vf)/(vg − vf) = 0.5. Mukapeza x, zina zonse zimatsata njira yomweyo: entalipi, yomwe ndi mphamvu ya mkati kuphatikiza Pv, ndi h = hf + x hfg = 417.5 + 0.5 × 2257.5, pafupifupi 1546 kJ/kg. Mukaona x yaposa 1, musaikakamize. Ikukuuzani kuti nthunziyo yatentha kupitirira powira ndipo muyenera kupita ku tebulo lina. Ndipo musayerekeze kugwiritsa ntchito PV = mRT pa nthunzi imene ili pafupi ndi powira, ngakhale fomyulayo mwaizolowera m'masiku atatu oyamba aja.

Kupeza nambala imene ili pakati pa mizere iwiri ya tebulo kumangofuna kugawa mtunda molingana. Ngati tempulecha yanu ili pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wochoka pa mzere wa pamwamba kupita wa pansi, entalipi yanunso ili pa gawo lomwelo. Mukamaliza, onani ngati yankho lagwera pakati pa manambala awiri a m'tebulo; likagwera kunja, mwasinthanitsa manambala pochotsera.

Pali chinthu china chimene ife okhala kuno tiyenera kuchidziwa bwino kuposa anzathu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo pulesha ya mlengalenga kuno ndi pafupifupi 83 kPa, osati 101 kPa ngati ku Durban. Madzi m'ketulo kuno amawira pa madigiri pafupifupi 94. Geji ya pa galaja ikawerenga 200 kPa m'tayala, pulesha yeniyeni ya mpweyawo ndi pafupifupi 283 kPa kuno, pomwe ku Durban ndi 301 kPa. Matebulo onse ndi PV = mRT zimafuna pulesha yeniyeni, ndiye funso likatchula geji, onjezerani pulesha ya mlengalenga imene funsolo lapereka musanachite china chilichonse.

Masiku a 6, 7 ndi 8 ndi a lamulo loyamba. Tsiku la 6 likhale la zinthu zotsekeka, monga silinda yathu ija ndi thanki yolimba, imene voliyumu yake sisintha ndipo motero ilibe ntchito ya P dV. Tsimikizani kalembedwe ka zizindikiro kamene aphunzitsi anu amatsata. Mabuku ambiri a uinjiniya amalemba ΔU = Q − W, pomwe W ndi ntchito imene mpweya wagwira, ndipo ndi kalembedwe kamene ndatsata pano. Mabuku ambiri a kemisitili amalemba ΔU = q + w, pomwe w ndi ntchito imene yagwiridwa pa mpweya. Zonse ndi zoona, koma wophunzira amene amawerenga manotsi a m'kalasi masana n'kumaonera mavidiyo a aphunzitsi ena usiku amatha kuzisakaniza osazindikira. M'masabata awiriwa tsatani kalembedwe kamodzi kokha.

Tsiku la 7 ndi la 8 likhale la makina amene mpweya kapena nthunzi imalowa ndi kutuluka mosalekeza, ndipo pano entalipi imalowa m'malo mwa mphamvu ya mkati. Kuphunzira kwake ndi kudziwa chimene chimafufutika pa makina aliwonse. Pa tebaini ndi kompuresa zokutidwa bwino, ntchito pa kilogalamu ndi kusiyana kwa h1 ndi h2. Pa valavu yopanikiza, monga ya m'firiji, palibe ntchito ndipo kutentha kodutsa n'kochepa kwambiri, choncho h1 = h2. Pa nozo, entalipi imasanduka liwiro, ndipo msampha wake ndi wa mayuniti: liwiro la 200 m/s limapereka 200²/2 = 20,000 J/kg, yomwe ndi 20 kJ/kg, ndipo woiwala kugawa ndi 1,000 amapeza yankho lopanda tanthauzo.

Bwererani ku mpweya wathu uja, koma tsopano udutse m'kompuresa kuchoka pa 100 kPa ndi 300 K kufika pa 600 kPa, popanda kutentha kutuluka ndiponso popanda zotayika. Tempulecha yotulukira ndi 500.5 K yomwe ija, koma ntchito yofunika ndi cp (T2 − T1) = 1.005 × 200.5 = 201.5 kJ/kg, osati 144. Kusiyana kwake, 57.5, ndi R (T2 − T1), ndipo kumachokera ku ntchito yokankhira mpweya kulowa ndi kutuluka m'makinawo. Wophunzira amene wagwiritsa ntchito cv pa kompuresa kapena cp pa thanki yotsekeka sanalakwitse masamu, koma sanadzifunse ngati chinthucho n'chotsekeka kapena chotseguka. Onaninso kuti m'kompuresa njira ya tempulecha yosasintha imafunabe 154.3 kJ/kg, yomwe tsopano ndi yochepa poyerekeza ndi 201.5, ndipo ichi ndi chifukwa chake makompuresa akuluakulu amaziziritsa mpweya pakati pa magawo ake.

Tsiku la 9 ndi la 10 ndi a lamulo lachiwiri ndi entiropi, mawu amene Rudolf Clausius anawayambitsa mu 1865. Ambiri amauopa mutuwu, koma kwa inu amene mwagwira ∫dV/V mulibe masamu atsopano. Intigilo ya ∫dT/T ndi yomwe ija yangosintha chilembo, ndipo yankho lake ndi ln(T2/T1). Kwa mpweya wa cp yosasintha, Δs = cp ln(T2/T1) − R ln(P2/P1). Iyeseni pa njira yathu ya adiyabatiki: 1.005 × 0.512 kuchotsapo 0.287 × 1.792 kumapereka ziro, monga ziyenera kukhalira pa njira yobwezeka yopanda kutentha kodutsa. Iyeseninso pa njira ya tempulecha yosasintha: gawo loyamba ndi ziro, ndipo ΔS = −0.514 kJ/K, yomwe ikufanana ndi Q/T = −154.3/300.

Pano ophunzira ambiri amaima n'kunena kuti yankho n'lolakwika, chifukwa anamva kuti entiropi sitsika. Entiropi ya mpweya ikhoza kutsika ndithu ngati kutentha kwatuluka. Chimene sichitsika ndi entiropi ya mpweyawo pamodzi ndi zouzungulira. Ngati 154.3 kJ ija yapita m'chipinda chimene chili pa 290 K, chipindacho chalandira 154.3/290 = 0.532 kJ/K, ndipo tikaphatikiza ndi −0.514 patsala 0.018 kJ/K yowonjezera. Nambala yotsalayi ikatuluka ndi mayinasi, ndiye kuti mwina mwalakwitsa kapena funsolo likukuyesani ngati mungazindikire kuti zimene likufotokoza n'zosatheka.

M'masiku omwewa muli malire a Carnot, amene anachokera ku zimene Sadi Carnot analemba mu 1824. Injini yolandira kutentha pa 800 K n'kutaya pa 300 K singasandutse kutentha koposa 1 − 300/800, kapena kuti 62.5 pa 100 iliyonse, kukhala ntchito. Mukaika madigiri a Selisiyasi, 527 ndi 27, mupeza pafupifupi 95 pa 100, yankho lolakwika kwambiri. Paliponse pamene tempulecha ikugawidwa ndi inzake, kapena ili mkati mwa ln, kapena ili mu PV = mRT, iyenera kukhala mu K. Pochotsera pokha ndi pamene Selisiyasi imapereka yankho lofanana.

Tsiku la 11 ndi la mizungulire, ndipo limodzi likukwana chifukwa mzungulire ndi makina a tsiku la 7 ndi la 8 atalumikizidwa. Mzungulire wa Rankine, umene malo opangira magetsi a malasha a Eskom ku Mpumalanga, monga Kendal, amayendera, uli ndi pampu, boyila, tebaini ndi kondensa. Jambulani tebulo la mizere inayi, mzere uliwonse P, T, h ndi s, ndipo mulidzaze lonse musanawerengere ntchito kapena kutentha. Chinsinsi cha mzere wa potulukira pa tebaini yopanda zotayika ndi chakuti s yake ndi yofanana ndi ya polowera, ndipo kuchokera pa s imeneyo mumapeza x, kenako h. Pomaliza onani ngati kutentha kolowa kuchotsapo kotuluka kukufanana ndi ntchito ya tebaini kuchotsapo ya pampu.

Dongosololi lili ndi malire ake. Ngati kosi yanu imafika pa maubale a Maxwell ndi zizindikiro za ∂, masiku atatu a masamu aja sakukwana kuti muzimve mozama. Chimene mungaphunzire mu ola limodzi ndi tanthauzo lake: (∂P/∂T)v ikufunsa kuti P ikusintha motani T ikasintha pamene v yagwiridwa osasintha, ndipo kwa P = RT/v yankho ndi R/v. Onani m'mapepala akale kuchuluka kwa malikisi amene mutuwu umatenga. Ngati ndi ochepa, maganizo anga ndi akuti muphunzire tanthauzoli ndi chitsanzo chimodzi kapena ziwiri, n'kusiya zotsalazo, kusiyana n'kulanda tsiku la matebulo kapena la lamulo loyamba. Ngati ndi funso lathunthu chaka chilichonse, lipatseni madzulo a tsiku la 11 ndi m'mawa wa tsiku la 13, ndipo mukaonane ndi aphunzitsi anu pa nthawi imene amalandira ophunzira, mutanyamula funso lenileni limene mwayesa kale.

Pa tsiku la 12 tulutsani pepala munasunga lija, mukhale pa malo opanda phokoso monga mulaibulale, foni itazimitsidwa, ndipo mulilembe pa nthawi yeniyeni ya mayeso ndi matebulo a papepala. Mukamaliza, cholakwika chilichonse muchiike m'gulu lake: cha masamu ndi kakyuleta, cha matebulo ndi mayuniti, kapena cha kusankha fomyula yosayenera. Gulu limene ladzaza kwambiri ndi limene lidye tsiku la 13. Ngati ndi la masamu, bwererani ku mpweya wa 300 K uja n'kusintha manambala, mwachitsanzo 800 kPa m'malo mwa 600, kapena n = 1.3 m'malo mwa 1.4, pomwe Q sikhalanso ziro ndipo muyenera kuipeza kuchokera ku ΔU + W. Ngati ndi la kusankha fomyula, tengani mafunso ambiri osawawerengera mpaka kumapeto, koma pa lililonse mungolemba ngati chinthucho n'chotsekeka kapena chotseguka, ngati ndi mpweya wa fomyula kapena madzi a matebulo, chimene sichikusintha, ndi lamulo loyamba litafufutidwa zosafunika.

Tsiku la 14 musayambe mutu watsopano. Lembaninso maintigilo atatu aja ndi magalafu ake, muchite funso limodzi la matebulo kuti dzanja lisaiwale masamba, muone batire la kakyuleta, ndipo mugone pa nthawi yake. M'chipinda cha mayeso, yambani yankho lililonse ndi zinthu zinayi zija za chotsekeka kapena chotseguka, mtundu wa chinthu, chosasintha ndi lamulo loyamba, pamodzi ndi kagalafu kakang'ono, ndipo musinthe matempulecha onse kukhala K pa mzere woyamba. Ochonga ambiri amapereka malikisi pa njira, osati pa yankho lomaliza lokha, motero intigilo ikakukanikani pakati pa funso, lembani W = ∫P dV, musonyeze mmene P ikudalirira V, muyese khomo la lamulo loyamba, ndipo ngati nalonso lakana, tchulani ntchitoyo ndi chilembo W n'kupitiriza nayo magawo otsatira a funsolo.